Buledi Kumanzere, Khoma Kumanja: Mafunso ndi Mayankho pa Chithunzi cha Chikwangwani cha Bekale

Mwini bekale akafuna kuika chikwangwani chachikulu m'mbali mwa msewu, masiku ano angathe kupeza chithunzi chake polembera malangizo mapulogalamu ojambula zithunzi monga Midjourney, Stable Diffusion kapena Adobe Firefly. Kujambula buledi wokongola sikuwavuta mapulogalamuwa. Chimene chimavuta ndi kuwachititsa kuti asiye malo oyera oikapo mawu otsatsira malonda. M'mayankho otsatirawa titsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka kumapeto: bekale yophika buledi wa m'tini, imene yabwereka chikwangwani cha mamita 6 mulitali ndi mamita 3 chokwera.

Ndinalemba zimene ndikufuna momveka bwino, koma chithunzi chinatuluka chosokonekera. Ndinalakwitsa pati?

Ambiri amayamba ndi chiganizo chonga ichi:

```
billboard advertisement for a fresh bread bakery with space for a slogan
```

Munthu wodziwa ntchito yotsatsa malonda akawerenga mawuwa amamva zimene mukutanthauza. Pulogalamu siimva cholinga chanu; imajambula zinthu zimene mwatchula mayina. Mwatchula `billboard`, choncho kawirikawiri imakujambulirani chikwangwani chenichenicho chitaima pa mizati, msewu uli pansi pake, mitambo ili kumwamba. Inu mumafuna chithunzi chokamata pa chikwangwani, koma mwapatsidwa chithunzi cha chikwangwani. Mwatchula `bakery`, choncho mukuona khomo la sitolo, mashelefu odzaza ndi chikwangwani china cha dzina pamwamba pa chitseko. Mwatchulanso `slogan`, ndipo mawu amenewa amakoka zilembo: malo amene munafuna kuti akhale oyera adzaza ndi zolemba zosawerengeka.

Choyambitsa zonsezi ndi mmene mapulogalamuwa anaphunzirira. Anaona zithunzi zochuluka kwambiri, chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza. Pafupifupi chithunzi chilichonse chimene chinali ndi mawu akuti `advertisement` chinali ndi zolemba. Mukatchula liwulo, zolemba zimabwera nalo limodzi. Choncho musafotokoze ntchito imene chithunzi chikagwire. Fotokozani zimene diso lione m'chithunzimo, ngati mukuuza munthu wa kamera zoti aike patebulo.

Nanga malo opanda kanthu ndingawapemphe bwanji, poti palibe choti nditchule?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Malo opanda kanthu muyenera kuwasandutsa chinthu chokhala ndi dzina, mtundu ndi mbali yake. Mukangolemba kuti kumanja kusakhale kalikonse, pulogalamu imadzazako zimene zimapezeka pafupi ndi buledi: dengu, ngala za tirigu, nsalu, botolo la mkaka. Koma mukalemba kuti theka la kumanja ndi khoma losalala la bulawuni woderapo, lowala mofanana paliponse, mwaipatsa chinthu choti ijambule, ndipo chinthucho ndicho malo anu a mawu.

Pali mawu awiri a Chingerezi amene amathandiza. Ogulitsa zithunzi pa intaneti amalemba `copy space` pa zithunzi zimene zili ndi mpata woikapo zolemba, ndipo ojambula amati `negative space` ponena za malo osadzazidwa ozungulira chinthu. Popeza mapulogalamu anaona mawu amenewa pa zithunzi zambiri za mtundu umenewu, amawazindikira. Koma paokha sakwanira, chifukwa sanena mbali kapena kukula kwa mpatawo. Aikeni pambuyo poti mwalitchula khomalo.

Musadalirenso manambala. Mukalemba kuti mpata ukhale magawo 40 pa 100, pulogalamu siyeza ndi lula. Mawu wamba onga `on the left` ndi `the right half` amamveka bwino koposa, ngakhale nawonso satsatidwa nthawi zonse.

Kodi mpatawo ukhale waukulu bwanji?

Funso limeneli silingayankhidwe mawu otsatsirawo asanalembedwe. Yambani ndi mawu, muwayeze, kenako mupemphe chithunzi. Ambiri amachita chosemphana: amakondwera ndi chithunzi, kenako amapanikiza mawu pakakona mpaka zilembo kuchepa.

Opanga zikwangwani ali ndi muyeso umene amayendera: sentimita imodzi ya kutalika kwa chilembo imawerengeka bwino pa mtunda wa mita imodzi ndi masentimita 20. Chilembo chachikulu cha masentimita 35 chiwerengeka bwino kuchokera pa mamita 42. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi, choncho woyendetsa ali ndi masekondi atatu okha, kwinaku maso ali pa msewu. N'chifukwa chake mawu a pa chikwangwani sayenera kupitirira asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri.

Tsopano tiyeze. Theka la chikwangwani chathu ndi mamita 3. Tikasiya masentimita 20 mbali iliyonse, tatsala ndi mamita 2.6. Zilembo zonenepa za msinkhu umenewu zimadya pafupifupi masentimita 28 chilichonse m'lifupi, kutanthauza kuti mzere umodzi ungatenge zilembo zisanu ndi zinayi basi. Apa olemba Chichewa ayenera kusamala kuposa olemba Chingerezi, chifukwa mawu athu ndi aatali. Tikasankha kuti "Buledi wotentha m'mawa uliwonse", mawu otalikitsitsa ndi "wotentha" ndi "uliwonse", a zilembo zisanu ndi zitatu, amene atenga mamita 2.2 ndi pang'ono. Akwana. Mizere inayi ya theka la mita uliwonse idya mamita awiri, ndipo pansi patsala masentimita 60 a dzina la bekale. Koma tikanasankha "Wongotuluka mu uvuni", liwu loyambalo lili ndi zilembo 11, zimene zikufuna mamita oposa atatu. Pamenepo mwina tichepetse zilembo, mwina tikulitse khoma n'kukankhira buledi m'gawo limodzi mwa magawo atatu. Liwu lotalikitsitsa ndilo limalamula kukula kwa khoma.

Tiwonetseni malangizo athunthu a chitsanzo chimenechi.

Nawa, monga angalembedwere mu Midjourney. Polemba muwalumikize akhale mzere umodzi.

```
Photograph of three golden-brown sandwich tin loaves on a wooden board,
placed on the left, one loaf sliced showing soft white crumb,
thin steam, warm light from behind and from the left.
The right half is a plain dark brown wall, evenly lit, copy space.
Eye-level close-up, sharp crust
--ar 2:1 --no text, letters, logo, people
```

Mzere woyamba ukunena kuti tikufuna chithunzi chonga chojambulidwa ndi kamera, cha malofu atatu a m'tini opsa bwino, ali pa thabwa. Wachiwiri ukuwaika kumanzere, ndipo lofu imodzi yadulidwa kuti m'kati mwake mofewa muoneke. Wachitatu ndi wa nthunzi ndi kuwala. Wachinayi ndi khoma lathu lija. Wachisanu ukunena kuti kamera ili pafupi, pa msinkhu wa buledi, ndipo khungu la buledi lioneke bwino lomwe. Taonani kuti mulibe liwu lonena za chikwangwani, bekale kapena malonda.

Mzere womaliza si kufotokoza, ndi malamulo a pulogalamu. `--ar 2:1` akunena kuti mulitali mukhale mowirikiza kawiri msinkhu, monga mamita 6 ndi 3 aja. `--no` akutchula zimene sitikuzifuna. Mu Stable Diffusion zinthu zosafunikazo zimalembedwa m'bokosi lapadera la `negative prompt`, ndipo kukula kwa chithunzi mumalemba nokha, monga 1536 ndi 768. Musaike mawu akuti `no text` m'kati mwa kufotokoza kwenikweniko, chifukwa mapulogalamu ambiri amagwira liwu lakuti `text` n'kutaya kukanako. Zili ngati kuuza mwana kuti asayang'ane m'mphika.

Malangizowa ndi a Chingerezi chifukwa mawu amene anali pa zithunzi zophunzitsira anali ambiri a Chingerezi. Ndi aafupinso mwadala. Gawo limene limawerenga mawu m'mitundu yoyambirira ya Stable Diffusion limatenga tizidutswa ta mawu 77 tokha nthawi imodzi, ndipo m'mapulogalamu ambiri zimene zili koyambirira zimamveka kwambiri kuposa za kumapeto. Choncho buledi, mbali yake ndi khoma zisaikidwe kumapeto kwenikweni kwa malangizo.

N'chifukwa chiyani mwatchula mtundu wa buledi? Buledi si buledi basi?

Mukangolemba `fresh bread`, mudzalandira buledi wa m'mazenera a ku Ulaya: malofu ozungulira a khungu lolimba, ochekedwa mizere pamwamba ndi kuwazidwa ufa, kapena mabuledi aatali ngati ndodo a ku France. Zithunzi zoterozo n'zimene zachuluka pa intaneti, ndiye pulogalamu imaziona ngati buledi weniweni. Koma bekale yathu imaphika lofu ya m'tini, ya mbali zoongoka ndi msana wotukuka, ija timamwera tiyi m'mawa. Mayi amene waona lofu yozungulira pa chikwangwani sakaizindikira pa shelefu ya mugolosale, ndipo amene wakopeka ndi lofu yozungulirayo akakhumudwa akafika pa kauntala. Chithunzi cha malonda ndi lonjezo. Muonetse chimene mumagulitsa.

Mawu a Chingerezi a lofu imeneyi ndi `tin loaf` kapena `sandwich loaf`. Ngati mukugulitsa mabanzi, `soft bread rolls` amayandikira. Ndi masikono samalani: liwu lakuti `scones` lingakubweretsereni timakeke ta ku Britain tokhala ndi jamu ndi kirimu, kapena tamakona atatu ta ku America, choncho ndi bwino kufotokoza maonekedwe ake m'malo modalira dzina. Pulogalamu ikakanika ndithu, jambulani lofu yanu ndi foni pafupi ndi windo, mulowetse chithunzicho ngati chitsanzo. Mapulogalamu ambiri amalola zimenezi.

Nambala ya malofu nayonso muitchule, ndipo ikhale yochepa. Pa mtunda wa mamita 40, malofu atatu aakulu amaoneka kuti ndi buledi. Malofu makumi awiri amangooneka ngati mulu wa njerwa.

Chimene chimasonyeza kuti buledi ndi watsopano n'chiyani, poti chithunzi sichinunkhira?

Liwu lakuti `fresh` lilibe maonekedwe. Muyenera kutchula zizindikiro zimene diso limaona, ndipo zilipo zitatu. Choyamba ndi mtundu wa khungu: lofiirira ngati golide, lowala pang'ono, losayera ngati losapsa komanso losada ngati lopserera. Chachiwiri ndi m'kati mwa lofu yodulidwa, moyera, mofewa, mokhala ndi timabowo tating'ono tofanana. Chachitatu ndi nthunzi.

Nthunzi ili ndi khalidwe lake. Imaoneka pokhapokha kuwala kukuchokera kumbuyo kapena cham'mbali, ndipo kuseri kwake kuli koderapo. Mukaika kapu ya tiyi patsogolo pa khoma loyera simuona kanthu, koma dzuwa la m'mawa likalowa pa windo kuseri kwa kapuyo, nthunzi imaonekera bwino. N'chifukwa chake khoma lathu ndi la bulawuni woderapo. Likugwira ntchito ziwiri: likuonetsa nthunzi, ndipo likulandira zilembo zoyera kapena za mtundu wa kirimu zimene ziwale patali. Kuwala kochokera cham'mbali kumathandizanso khungu, chifukwa kumaika timithunzi m'timizere take, pomwe kuwala kochokera kutsogolo kumalisalaza ngati pulasitiki.

Lembani `thin steam`. Mukangoti `steam`, nthawi zina umatuluka utsi wochuluka ngati buledi akupsa, ndipo utsiwo umayenderera mpaka pa khoma la mawu.

Bwanji osaikamo wophika buledi akumwetulira? Anthu amakopeka ndi nkhope.

Amakopekadi, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Diso limathamangira nkhope lisanaone china chilichonse, ndipo pa masekondi atatu aja nkhope idya imodzi. Komanso manja ogwira chinthu ndi malo amene mapulogalamuwa amalakwitsa kawirikawiri: chala chowonjezera, kapena chala cholowa m'kati mwa lofu. Pa foni cholakwikacho simungachione, koma pa chikwangwani cha mamita 6 dzanja limakula kwambiri moti chimaonekeratu. Ngati nkhope ya wophika ndi yofunika pa malonda anu, jambulani wophika wanu weniweni, ndi chilolezo chake, muphatikize chithunzi chake pambuyo pake.

Ndamva kuti mapulogalamu atsopano amatha kulemba zilembo. Bwanji osangowauza kuti alembe mawuwo?

N'zoona kuti atsopano amalemba bwino kuposa akale, makamaka mawu aafupi a Chingerezi. Komabe pali zifukwa zitatu zolembera mawu padera. Choyamba, mawu a Chichewa amalakwika mosavuta: kachizindikiro ka mu "m'mawa" kamasowa, chilembo chimabwerezedwa, ndipo ngati mumalemba ŵ kachipewa kake kamatayika. Chachiwiri, zilembo zojambulidwa m'chithunzi zimakhala timadontho ngati chithunzicho, ndipo pozikulitsa m'mphepete mwake mumachita mbuu, pomwe zolembedwa mu Inkscape, Illustrator kapena CorelDRAW zimakhala zakuthwa pa kukula kulikonse. Chachitatu, mawa mudzafuna kusintha mawu, kuika nambala ya foni yatsopano, kapena kumasulira m'Chitumbuka. Mawu akakhala paokha, chithunzi chimakhala chomwecho.

Pali phindu linanso. Chithunzi chopanda zilembo mungachitembenuze ngati pagalasi. Pulogalamu ikaika buledi kumanja ndi khoma kumanzere, koma zina zonse zili bwino, musachitaye. Chitembenuzeni.

Chithunzi chatuluka chokongola koma khoma ndi laling'ono. Ndiyambirenso?

Ayi. Ndi kosavuta kuwonjezera khoma kusiyana ndi kupezanso buledi wokongola chimodzimodzi. Photoshop ili ndi `Generative Expand`, Midjourney ili ndi `Pan`, ndipo mu Stable Diffusion ntchitoyi imatchedwa `outpainting`. Zonsezi zimatambasula chithunzi kumbali imene mwasankha. Potambasula, chotsani mawu onse onena za buledi m'malangizo, musiye a khoma okha. Mukawasiya, pulogalamu idzaikanso lofu ina m'malo atsopanowo.

Njira imeneyi ndi yofunika kwambiri pa zikwangwani zazitali. Cha mamita 12 ndi 3 chili pa muyeso wa 4:1, ndipo chikwangwani chachikulu chofala ku America, cha mafiti 48 ndi 14, chili pafupifupi pa 3.4:1. Mukapempha chithunzi chachitali chotere nthawi imodzi, mapulogalamu ena amabwereza chinthu chomwecho kuti adzaze malo, ndipo mumapeza mzere wa malofu kuchokera uku mpaka uko. Yambani ndi 2:1, kenako mutalikitse khoma.

Chithunzi chilichonse muchiyang'ane pa khomapo musanayang'ane buledi. Kodi pali mthunzi wodutsa pakati? Kodi mbali imodzi ndi yowala kwambiri moti zilembo zoyera zizimirira? Kodi pali mizere ya njerwa kapena ya matabwa imene ilimbane ndi zilembo? Chimodzi mwa izi chikapezeka, chithunzicho sichinathe, kaya buledi akhale wokongola chotani.

Chithunzi cha pa kompyuta chingakwane bwanji pa mamita 6 osaphwanyika?

Tinene kuti chithunzi chathu chili ndi timadontho 1536 mulitali. Tikachitambasula pa mamita 6, kadontho kalikonse kakhala pafupifupi mamilimita 4. Diso labwino, pa mtunda wa mamita 30, silisiyanitsa zinthu zochepera mamilimita 9, choncho woyendetsa galimoto sangaone vuto. Koma woyenda pansi akafika pa mamita 13 kapena kuyandikira, ayamba kuona timabokosi. Tikachikulitsa kanayi ndi pulogalamu yonga Upscayl, timadontho tifika 6144, kalikonse pafupifupi milimita imodzi, ndipo pamenepo muyenera kuima pa mamita atatu kuti mutione. Pa chikwangwani chokwezeka zimenezi n'zokwanira. Mukakulitsa, yang'anitsitsani m'kati mwa lofu yodulidwa, chifukwa zokulitsira zina zimasalaza timabowo n'kusandutsa buledi kukhala ngati siponji.

Musanatumize, funsani osindikiza zinthu zitatu: kukula kwa fayilo kumene akufuna, mpata wa m'mphepete umene upindidwe kuseri kwa chitsulo, ndi mtundu wa inki. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pomwe makina osindikiza amaipanga ndi inki, ndipo bulawuni woderapo angatuluke wakuda kapena wopita ku girini. Pemphani kuti akusindikizireni kachidutswa kakang'ono pa nsalu ya pulasitiki yeniyeni ya chikwangwani, kokhala ndi khungu la buledi, khoma ndi chilembo chimodzi, mukakaone panja dzuwa likuwala.

Ndingadziwe bwanji kuti chikwangwani chigwira ntchito ndisanalipire?

Sindikizani chikwangwani chonse, mawu ali pomwepo, pa kapepala ka masentimita 12 ndi 6. Kagwireni mutatambasula mkono, pa mtunda wa masentimita 60 kuchokera m'maso. Kapepalako ndi kochepa ka 50 poyerekeza ndi chikwangwani, ndipo mtundawo ndi wochepanso ka 50 poyerekeza ndi mamita 30, choncho zimene mukuona ndi zimene adzaone munthu ali pa msewu. Pitaninso pamalo pamene chikwangwani chidzaime, muone ngati nthambi, pholo la magetsi kapena maminibasi oima amatchinga mbali ina. Ngati amatchinga kumunsi, dzina la bekale likwere pamwamba, ndipo ngati amatchinga kumanja, tembenuzani chithunzi kuti mawu apite kumanzere.

Kenako itanani munthu amene sanaoneko ntchitoyi. Muonetseni kapepalako, muwerenge mpaka katatu, mukabise. Mufunseni kuti waona chiyani, wawerenga chiyani, ndipo akagule kuti. Akayankha kuti waona buledi, wawerenga kuti ndi wotentha m'mawa uliwonse, n'kutchula dzina la bekale, tumizani kwa osindikiza. Akati waona buledi wokongola koma mawu sanawagwire, musakhudze buledi. Bwererani ku mzere wachinayi wa malangizo aja, mukulitse khoma, musalaze kuwala kwake, muyesenso ndi munthu wina.